Pepala la pa Firiji

Pali chizolowezi china m'malo ogona alendo a kuno ku Chintheche chimene chakhala chikundisowetsa mtendere. Munthu akayamba ntchito timamuuza kuti akhala kaye pa pulobeshoni miyezi itatu, tione ngati ntchito aitha. Miyezi ija imatha, tsiku lomaliza limadutsa ngati Lachiwiri wamba, ndipo palibe amene amamuitana mu ofesi. Akaona kuti malipiro akubwerabe, amangodziuza mumtima kuti basi ndakhazikika. Akakhala kuti bwana watopa naye, amamva pa geti kuti mawa asabwere, pulobeshoni sinayende bwino. Ndikudziwa anthu otchetcha kapinga amene ayamba imvi ali pa malo amodzimodzi, koma alibe kapepala ngakhale kamodzi konena kuti nthawi yawo yoyesedwa inatha. Ukafunsa chifukwa chimene uyu wasungidwa ndipo uyo wachotsedwa, mayankho ake ndi awiri okha: "ndi wabwino uja," kapena "ayi, sakugwira." Mawu amenewa amatuluka pakamwa pa anthu anzeru zawo, amene ntchito ya alendo akuidziwa kuposa ine. Koma ukapitiriza kufunsa kuti sakugwira chiyani, linali tsiku liti, anaona ndani, amakuyang'ana ngati wawatukwana.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama pa loji ina yaing'ono ya pakati pa Chintheche ndi Bandawe, ndipo popeza eni ake amakhala nthawi zambiri ku Lilongwe, nkhani za antchito zimagwera pa tebulo langa. Chaka china pa 1 Ogasiti, mwera usanaleke kuwomba, tinalemba mtsikana wa cha ku Kande kuti azisunga sitolo. Sitolo ya pa loji si yogulitsira. Ndi chipinda chimene mumakhala chilichonse chimene alendo adzadye, kumwa kapena kusambira: mpunga, shuga, mafuta ophikira, sopo, mowa, nsomba. Wosunga sitolo amalandira katundu, kumuyeza, kumulemba pa khadi, n'kumupereka ku khitchini ndi ku bala polemba m'buku. M'kalata yake tinalembamo zinthu zinayi zimene tidzamuyezere. Katundu wa pa khadi azigwirizana ndi amene tamuwerenga pa shelefu Lolemba lililonse, ndipo kusiyana kusapitirire magawo 2 pa 100 a mtengo wa katundu wa sabata imeneyo. Nsomba ndi nyama ziziyezedwa pa sikelo wogulitsa akuona. Kuzizira kwa firiji kuzilembedwa m'mawa ndi madzulo pa pepala lomata pa chitseko chake, ndipo kukakwera kupitirira madigiri 5 anene nthawi yomweyo. Chachinayi chinali kufika pa nthawi ndi kupempha chilolezo akafuna kuchokapo. Tinawerengera limodzi, anafunsa mafunso ake, tonse tinasayina, wina kope lake wina kope lake.

Ndimakonda kubwerera pa kalata imeneyi chifukwa ndi pamene nkhani yonse imaimira. Muyezo umene waulemba munthu atayamba kale ntchito, kapena umene wauganiza usiku woti mawa mukumana, sukhalanso muyezo. Umakhala maganizo ako amene wawaveka jekete. Ukamukonda munthu, umakumbukira kuti amamwetulira alendo. Ukamuda, umakumbukira tsiku limene anaswa mbale. Zonsezo n'zoona, koma wasankha iwe zoti ukumbuke. Zinthu zinayi zija zinalembedwa tisanadziwe kuti mtsikanayu amayankhula bwanji, amapemphera kuti, kwawo ndi kwa yani. Ndiye pofika kumapeto kwa Okutobala, ngakhale ndikanafuna, sindikanatha kumuweruza pa kayendedwe kake kapena pa nkhope imene amaonetsa m'mawa. N'chifukwa chakenso sitinalembemo mawu ngati "khalidwe labwino" kapena "mtima wa ntchito." Mawu otere ndi chitseko chakumbuyo chimene aliyense wofuna kumukankha angalowere.

Woyamba kugogoda pa chitseko chimenecho anali bambo wophika wamkulu. Ndi munthu amene ndimamulemekeza, wakhala pa moto zaka zambiri, ndipo batala wake wootcha ndi amene amabweza alendo. Anabwera mu ofesi mu Seputembala, n'kukhala pa mpando, chipewa chili pa bondo. "Amayi, mwana uja satitengera kutali. Ndi wamwano, ndipo kuyambira pamene anabwera zinthu zikusowa." Ndinawafunsa kuti mwanowo unali wotani. Anati anapempha mafuta ophikira alendo akudikira, mwanayo n'kuwauza kuti asayine kaye. Ndinakhala chete pang'ono, chifukwa ndinaona kuti kwa iwo chinalidi chipongwe. Munthu woti angakhale mdzukulu wawo akuwagwiritsa bolopeni pakhomo pa sitolo imene akhala akulowamo momasuka kuyambira iye asanabadwe. Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sanena kuti amene akumetedwayo amasangalala. Pa mbali ya mwanoyi ndinalemba m'fayilo zimene bamboyo ananena, monga momwe ananenera, ndi tsiku lake. Pansi pake ndinalemba kuti chimene akudandaulacho ndi chimene kalata ya ntchito imalamula mtsikanayo kuchita.

Nkhani ya kusowa kwa katundu inali yolemererapo, chifukwa manambala ankawaikira kumbuyo bamboyo. Pa kuwerenga kwa sabata yachisanu ndi chimodzi tinapeza kuti mafuta ophikira apelewera ndi malita 5, shuga ndi mapaketi 4, ndipo mowa ndi mabotolo 11. Titaika mitengo, kusiyana kunafika pa magawo 4 pa 100, kuwirikiza kawiri malire amene tinagwirizana. Sabata yotsatira kunatsika pang'ono, koma kunali kupitirirabe. Munthu wofuna kutseka nkhani mwachangu akanaima pomwepa: muyezo ulipo, nambala ilipo, walephera. Ndipo ndinaona mmene zimakomera kukhala ndi nambala m'manja, chifukwa nambala imakuchotsera mlandu. Sunenanso kuti ndakuchotsa ine, umati lakuchotsa ndi buku. Koma nambala imeneyi inkanena za chipinda. Inkati katundu watuluka m'sitolo osalembedwa. Sinkanena kuti anali ndi kiyi ndani pamene ankatuluka.

Ndinatenga mabuku atatu n'kuwayala pamodzi: makhadi a katundu, buku lotulutsira katundu, ndi kaundula wa pa geti amene aliyense amasayina pofika ndi poweruka. Mtsikanayo ankaweruka 4 koloko madzulo ndipo ankapuma Lamlungu. Alendo sadya potsatira maola a sitolo. Akafika ochokera ku Mzuzu Loweruka usiku, ludzu lili pakhosi, kiyi imatengedwa pa msomali wa mu ofesi ndi aliyense amene ali pafupi, wa ku bala kapena wa ku khitchini. M'buku lotulutsira katundu, masiku amene iye analipo anali odzaza, chinthu chilichonse ndi siginecha yake ndi ya wolandira. Masamba a Lamlungu ndi a usiku anali oyera. Koma risiti za ku bala zinkasonyeza kuti Loweruka limenelo usiku mowa unagulitsidwa wambiri kuposa umene unali m'firiji ya ku bala madzulo. Mabotolo 11 aja sanabedwe. Anamwedwa ndi alendo, ndalama zake zinalowa, kungoti palibe amene analemba kuti achoka m'sitolo. Za mafuta ndi shuga sindinapeze njira yake yonse, ndipo sindikufuna kuloza munthu chala. Chimene ndinatha kunena ndi chakuti pa masiku amene kiyi inali m'manja mwake yekha, khadi ndi shelefu zinkagwirizana. Tinagula loko wina, tinaika kabokosi ka katundu wa usiku kamene ankakadzaza ndi kulemba asanaweruke, ndipo kuyambira pamenepo kusiyana kunatsika kufika pansi pa gawo 1 pa 100.

Izi zinandisiyira funso limene silinachoke msanga. Kukanakhala kuti sindinayale mabuku atatu aja, fayilo yake ikanakhala ndi umboni wolembedwa, wa masiku ake ndi manambala ake, ndipo umboniwo ukanakhala wabodza pa munthuyo ngakhale nambala iliyonse inali yoona. Timakonda kuganiza kuti kulemba n'kumene kumateteza wantchito ku nkhanza za bwana. Kumamutetezadi, koma pokhapokha wowerengayo akafunsa za pepala lililonse kuti: kodi izi zinali m'manja mwa munthu amene tikumuyesayu? Chimodzimodzi kaundula wa pa geti. Ankasonyeza kuti mu Seputembala sanabwere masiku atatu otsatizana. Pafupi ndi masikuwo panalibe chilichonse. Nditafunsa, mlonda anati kunagwa maliro a azakhali ake, ndipo uthenga anatumiza m'mawa womwewo kudzera mwa mnyamata wa ku bala, amene anauza wophika, amene sanauze aliyense. Kuno kunyanja munthu sapita ku ntchito mtembo wa mbale wake uli m'nyumba, ndipo bwana amene sadziwa zimenezi sakhalitsa ndi antchito. Ndinalemba kuti uthenga unatumizidwa, ndipo tinagwirizana kuti ulendo wina aziimba foni kwa ine mwachindunji.

Ndiye pofika pakati pa Okutobala, zimene anthu ankafuulira zinali zitagwa, ndipo ndinayamba kulemba kalata yomukhazikitsa m'mutu mwanga. Nsomba ankayezadi. Asodzi obweretsa chambo ndi kampango poyamba ankanyinyirika, koma kenako anazolowera, ena mpaka anayamba kukonda chifukwa sikelo sinkasintha potengera kuti ndiwe mlamu wa ndani. Chinatsala ndi pepala la pa firiji, limene ndinkaliona tsiku ndi tsiku ndikamadutsa, lodzaza bwino, lopanda mpata. Ndinalimatula kuti ndiliike m'fayilo ngati umboni womuyamikira, ndipo m'pamene ndinaliyang'anitsitsa.

M'mawa 4, madzulo 4. Mawa lake 4 ndi 4. Mzere wonse mpaka pansi. Firiji yeniyeni sichita choncho. M'mawa, itagona usiku wonse yosatsekulidwa, imatha kusonyeza 2 kapena 3. Masana a mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu a ku khitchini akutsekula ndi kutseka, mukaikamonso nsomba zongochokera kumene ku nyanja, nambala imakwera, imatha kufika 6 kapena 7 isanatsikenso. Pepala loona limakhala lodumphadumpha, bolopeni yake imasintha, pena yabuluu pena yakuda, limakhala ndi dontho la madzi ndi chala cha mafuta. Ili linali la bolopeni imodzi, kalembedwe kamodzi, ngati lalembedwa munthu atakhala pansi kamodzi. Ndipo panali Lachinayi lina limene magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka chakumadzulo, jenereta n'kuchedwa kulira chifukwa dizilo anali atatha. Buku la jenereta linalemba zimenezo. Pa pepala la firiji, madzulo a Lachinayi limenelo panali 4.

Mwa zinthu zinayi zija, ichi ndicho chinali choopsa kwambiri. Shuga akasowa timaluza ndalama. Koma tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana mofulumira m'chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo nsomba kapena nkhuku yaiwisi imene yakhala maola ambiri m'firiji yofunda ikhoza kugoneka gulu lonse la alendo m'chipatala, fungo lisanayambe n'komwe kumveka. Pepala lija lilipo kuti wophika adziwe choti ataye. Likamanama, ndi bwino likanakhala kuti palibe, chifukwa pamene palibe pepala munthu amagwira nsomba ndi dzanja n'kuinunkhiza, koma pamene pali 4 amangokhulupirira. Chinandizunguza mutu n'chakuti palibe amene anadandaulapo za ichi. Bambo wophika, amene anaona mwano ndi kuba kumene kunalibe, ankadutsa pa pepalali kangapo pa tsiku osaona kanthu. Vuto lenileni linali pa malo amene ankaoneka aukhondo kuposa onse.

Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limanena zochepa za pulobeshoni, koma zimene limanenazo n'zomveka. Gawo 26 limati pa ntchito ya munthu waluso, wolemba ndi wolembedwa akhoza kugwirizana nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo aliyense mwa awiriwa akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Mabwana ambiri amakonda mawu omalizawo, amawaloweza ngati vesi. Saona kuti gawoli likunena za munthu waluso, osati aliyense amene wagwira khasu pa loji, ndipo saona malire a miyezi 12 amene amachititsa kuti pulobeshoni ya zaka zisanu ikhale nthano chabe. Lamulo lomweli pa gawo 57 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso kuti asachotsedwe pa nkhani ya luso kapena khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ine magawo awiriwa ndimawawerengera pamodzi. Kumasulidwa ku notisi sindikutenga ngati chilolezo chochotsa munthu osamumva, makamaka pamene malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Ndipo nkhani ikakafika ku ofesi ya zantchito ku Nkhata Bay kapena ku bwalo loweruza milandu ya apantchito ku Mzuzu, amene amafunsidwa kuonetsa chifukwa chochotsera munthu ndi bwana.

Choncho ndinamulembera kakalata kumuuza tsiku limene tidzakumane, kusanathe Okutobala, ndi zimene tidzakambirane, kuphatikizapo pepala la firiji. Ndinamuuza kuti akhoza kubwera ndi mnzake wa pantchito ngati akufuna. Ena anandiuza kuti ndalakwitsa kumuchenjeza, akonzekera bodza. Koma msonkhano wotere si msampha. Munthu ukamudzidzimutsa umamva mantha ake okha, osati nkhani yake. Anabwera ndi mayi wina wochapa zovala. Tinayamba ndi zimene zinayenda bwino, ndinamuonetsa manambala a sitolo ndi zimene ndinapeza pa kiyi, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika, chifukwa mphekesera za kuba zinali zitamufika kale. Kenako ndinaika pepala la firiji pambali pa buku la jenereta, n'kuloza Lachinayi lija. Sanakane. Anati, "Amayi, amene ndinawapeza pano anandiuza kuti abwana amafuna 4. Tsiku lina ndinalemba 7, anandiuza kuti ndifufute, alendo a boma akabwera adzatitsekera. Ndiye ndinkangolemba 4." Ndinamufunsa ngati ankayang'ana n'komwe kachipangizo koyezera. Anati m'masiku oyamba ankayang'ana, kenako anaona kuti n'kutaya nthawi.

Yankho limeneli ndinalitembenuza masiku angapo. Kulemba chinthu chimene sunachione ndi bodza, ndipo wosunga sitolo amene anganame pa pepala limodzi angathe kunama pa lina. Ntchito yake yonse yagona pa kuti zimene walemba tizikhulupirire osapita kukaona. Uku kunali kuganiza kwa eni loji nditawaimbira foni, ndipo sindinganene kuti kunalibe nzeru. Koma ndinabwereranso ku mafayilo akale, a nthawi imene iye asanabwere, n'kupeza mapepala a firiji a miyezi yambiri, onse 4, 4, 4. Bodzali analipeza lili kale pa chitseko, ndipo amene anamuphunzitsa ntchito anamuphunzitsa pamodzi ndi bodzalo. Chinanso, m'zolemba za zokambirana zathu za kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Seputembala, pa mzere wa firiji panalembedwa kuti "zili bwino," ndipo siginecha ya pansi inali ya ofesi. Pulobeshoni ili ndi mbali ziwiri. Wantchito amalonjeza kuonetsa luso, bwana amalonjeza kuphunzitsa, kuona ndi kunena nthawi ikadalipo yoti munthu asinthe. Vuto limene munthu akulimva koyamba pa tsiku lomaliza sungamuchotsere ntchito n'kumagona tulo tabwino. Komanso sindikanatha kulemba kuti wakwaniritsa muyezo wachitatu, chifukwa sanaukwaniritse, ndipo kumukhazikitsa pamenepo kukanakhala kuuza sitolo yonse kuti 4 wabodza alibe mlandu.

Njira zinalipo zitatu: kumukhazikitsa, kumuchotsa, kapena kuwonjezera nthawi. Yachitatuyi ndimaiopa, chifukwa ndi pobisalira mabwana amantha. Amawonjezera chifukwa safuna kunena inde kapena ayi, amawonjezeranso, mpaka munthu amakhala wongolendewera. Kuwonjezera kumakhala ndi tanthauzo pamene pali chinthu chimodzi chodziwika chimene sichinaoneke bwino, chimene munthu angathe kuchikonza, ndipo pali tsiku lenileni loti nkhani ithe. Kuyeneranso kulembedwa ndi kusayinidwa ndi onse awiri nthawi yoyamba isanathe. Ukadikira kuti tsiku lidutse, munthu n'kugwira ntchito sabata ziwiri za mu Novembala, kenako n'kumuuza kuti pulobeshoni ikupitirira, ali ndi chifukwa chabwino chonenera kuti inatha kalekale. Tinalemba kuti miyezo itatu waikwaniritsa ndipo sitidzaibwerezanso, kuti wachitatu wokha ndi umene watsala, ndipo kuti tidzakumana pa 31 Disembala. Pa pepala latsopano tinawonjezera malo olembapo ola lenileni ndi zimene wachita nambala ikakwera. Ine ndinalonjeza m'kalata momwemo kuti kawiri pa sabata, pa nthawi imene sakuyembekezera, ndiziwerenga ndekha kachipangizo n'kulemba nambala yanga pambali pa yake. Ndinamuuzanso pamaso pa bambo wophika kuti amene walemba 7 woona sadzakalipiridwa.

Ndimadzifunsabe ngati ndikanachita chimodzimodzi akanakhala munthu wina. Loji iliyonse ya kuno ili pa malo amene kale anali a mudzi, ndipo a mfumu akatumiza mwana wa mlongo wawo kuti mumuonere kantchito, pulobeshoni yake imakhala yofewa ngati kondowole wa m'mawa. Mtsikanayu analibe womuyankhulira. Mwina n'chifukwa chake zinali zosavuta kwa ena kunena kuti apite, ndipo mwina n'chifukwa chakenso ine ndinkafunitsitsa kuti akhale. Mbali zonse ziwiri ndi kukondera. Chimene chinandithandiza ndi kuyerekeza kuti ndaphimba dzina la pa fayilo ndi dzanja, n'kuikapo la mwana wa mlongo wa a mfumu, kenako la munthu amene sindimukonda, n'kuona ngati kalata yanga ingasinthe. Palinso yesero lina limene limabwera ndi mvula. Ikangodutsa Khirisimasi alendo amachepa, zipinda zimakhala zotseka mpaka Pasaka, ndipo pulobeshoni imene ikutha nthawi imeneyo imasanduka njira yotchipa yochepetsera malipiro. Ngati ndalama zavuta, chifukwa chake chinenedwe kuti ndi ndalama. Kulemba kuti munthu walephera pamene chalephera ndi bizinesi ndi kumuipitsira dzina pa msewu wonse wa M5, poti mamanijala a maloji a kuyambira ku Kande mpaka ku Nkhata Bay amadziwana ndipo amafunsana.

Anthu ena amandiuza kuti zolembalembazi ndi zachizungu, kuno timakhulupirirana pakamwa. Sindivomereza, ndipo Chintheche si malo onenerapo zimenezo. Kuchokera pamene mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe mu 1881, Atonga anagwira sukulu msanga, ndipo ambiri anapita ku Joni ndi ku Harare kukagwira ntchito za ukalaliki, zophika ndi zoperekera zakudya m'mahotela. Munthu wa paulendo wotere ankadziwa kuti kalata yochokera kwa bwana wakale ndiyo imamutsekulira khomo lotsatira. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919, kwawo kunali ku Chifira, pafupi ndi Bandawe pomwepa. Antchito a kuno sanaopepo pepala. Amene ndawaona akuzemba kulemba ndi olemba anzawo ntchito, chifukwa lonjezo la pakamwa limatheka kulikumbukira mosiyana mawa.

Pepala la Novembala linali lonyansa, ndipo ndinasangalala kuliona. Panali 3, panali 5, panali 2, bolopeni yofiira tsiku limene yabuluu inasowa. Tsiku lina magetsi atazimanso analemba 9 nthawi ya 2 koloko masana, pambali pake n'kulemba kuti wauza wophika, nsomba zasamutsidwira mu firiza, ndipo nkhuku ziwiri zimene zinasungunuka zatayidwa. Bambo wophika anadandaula za nkhukuzo mpaka madzulo, koma anasayina. Manambala anga ndi ake ankasiyana ndi digiri imodzi mwa apo ndi apo, monga zimayenera kukhalira anthu awiri akawerenga pa maola osiyana. Manambala ake anatiululiranso chinthu chimene 4 wabodza anatibisira kwa nthawi yaitali: firijiyo inkakwera madzulo alionse ngakhale magetsi alipo, ndipo mmisiri atabwera anapeza kuti labala wa pa chitseko anali atatha.

Sitinadikire 31 Disembala yeniyeniyo, chifukwa tsikulo loji imakhala yodzaza ndipo palibe amene amakhala pansi. Tinakumana Khirisimasi isanafike, tinadutsa m'mapepala a masabata onse, ndipo ndinamupatsa kalata yonena kuti wakwaniritsa miyezo yonse inayi ndipo wakhazikitsidwa pa ntchito ya wosunga sitolo. Anaiwerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, kenako anafunsa ngati zaka zake za pantchito ziyambe kuwerengedwa kuchokera tsiku la kalatayo. Ndinamuuza kuti ayi, lamulo limawerenga kuyambira tsiku loyamba limene munthu anagwira ntchito, miyezi ya pulobeshoni ili momwemo, ndipo tchuthi chake cha pachaka chikuwerengedwa kuchokera pa 1 Ogasiti. Anapempha kuti zimenezo zilembedwe m'kalatamo. Ndinaitayipanso, n'kuwonjezera mzere umenewo, ndipo tinasayina makope awiri.